Mwalipira, katundu sanafike: kudikira mpaka liti?

Pa foni za anthu ambiri masiku ano mumadutsa zithunzi za nsapato, mafiriji, mabatire a sola ndi mashini osokera, pansi pake atalemba mtengo wotsika ndi mawu akuti `pre-order`. Mtengowo umakoka mtima chifukwa katunduyo sali pashelefu. Ali ku Guangzhou, ku Dubai, ku Kariakoo kapena ku Joni, ndipo wogulitsayo akagula ndi ndalama zanu. Kuchokera tsiku limene mwalipira, inu mwasanduka wobwereketsa ndalama wopanda chikole, ndipo chomwe mwagwira m'manja ndi lonjezo basi. Ambiri mwa amalonda amenewa ndi anthu oona mtima, katundu amabweradi. Vuto limayamba tsiku lolonjezedwa likadutsa, chifukwa pamenepo wogula sadziwa ngati akudikira sitima kapena akudikira munthu amene ndalama anadya kale.

Pali maoda a mitundu iwiri amene anthu amawasokoneza. Woyamba ndi oda yolipiriratu katundu amene wogulitsa sanakhalepo naye: mwina fakitale sinamutulutse, monga foni yatsopano kapena buku limene likusindikizidwa, mwina akadali kunja kudikira kuti wina amugule. Wachiwiri ndi umene pa masitolo a pa intaneti amalemba kuti `backorder`. Uyu ndi katundu amene sitolo imagulitsa masiku onse koma watha, monga malata a geji inayake kapena sipeya ya galimoto, ndipo akukulembani pamzere wa odzalandira wina akafika. Kusiyanaku kuli ndi ntchito. Pa oda yoyamba mumayamba kuwerenga masiku kuchokera pa tsiku limene katundu atuluke kapena anyamuke. Pa yachiwiri sitolo imadziwa kale kumene imagula ndiponso masiku amene katundu amatenga panjira, choncho ilibe chifukwa cholephera kukuuzani tsiku. Sitolo imene ikuti simenti ibwera "posachedwa" koma ikukana kutchula sabata, kawirikawiri imakhala kuti nayo sinaode.

Njira imene katundu amadutsa

Munthu sangadziwe ngati wachedwetsedwa mopitirira muyeso asanadziwe kumene masiku amathera. Tiyerekeze mayi wina, telala wa ku Lilongwe, amene akufuna mashini osokera amagetsi a m'fakitale kuti asoke mayunifolomu sukulu zisanatsegulidwe mu Seputembala. Wapeza wamalonda amene amaoda ku China. Mtengo agwirizana K2,400,000, ndipo pa 5 Meyi walipira dipoziti ya K1,680,000, zotsalazo adzamaliza mashini akafika. Wamalonda wanena kuti ndi masabata 8 mpaka 10 pa sitima yapamadzi. Sabata lakhumi likutha pa 14 Julayi.

Sabata loyamba kapena awiri amathera pa kugula. Wamalonda ayenera kupeza ndalama zakunja, kulipira wogulitsa wa ku China, ndipo wogulitsayo atumize mashini kunyumba yosungiramo katundu ya kampani yonyamula. Apa ndi pamene pamabisala kuchedwa kumene ogula ambiri sakudziwa. Wamalonda wamng'ono sadzaza kontena yekha. Katundu wake amaphatikizidwa ndi wa anthu ena ambiri, aliyense n'kulipira malo amene watenga, ndipo kontenayo sitsekedwa isanadzaze. Ikhoza kudzaza m'masiku ochepa, ikhozanso kukhala masabata atatu chitsegukire. Palinso amalonda ena amene sagula msanga: amayamba asonkhanitsa madipoziti a anthu khumi kapena makumi awiri kuti akagule pamodzi pa mtengo wotsika. Si kuba kumeneko, koma ngati sanakuuzeni, masabata 8 aja amayamba kuwerengedwa tsiku limene inu simukulidziwa.

Kontena ikakwera sitima, ulendo wopita ku doko la Dar es Salaam, Beira kapena Nacala umatenga mwezi umodzi kapena mwezi ndi theka, malinga ndi kuti sitimayo ikubwera molunjika kapena kontena itsitsidwa kaye pa doko lina kudikira sitima yachiwiri. Padoko pali mzere wa masitima, kutsitsa, ndi mapepala olola katundu kudutsa m'dziko la eni. Kenako thiraki iyende makilomita oposa 1,500 kuchokera ku Dar es Salaam kudzera pa Songwe, kapena njira yaifupi kuchokera ku Beira kudzera pa Mwanza kapena Dedza. Pomaliza a MRA awerengere msonkho, ajenti alipire, kontena itsegulidwe, katundu agawidwe kwa eni ake. Gawo lapamtundali, kuchokera padoko kufika m'manja mwanu, limatenga masabata awiri kapena atatu zinthu zikamayenda bwino.

Mukaphatikiza zonsezi muona kuti masabata 8 ndi lonjezo la tsiku limene chilichonse chayenda mwamyaa. Miyezi iwiri ndi theka kapena itatu ndiyo nthawi imene munthu wooda pa sitima ayenera kuiika m'mutu. Katundu wa pandege amafika m'sabata limodzi mpaka atatu, ndipo wochokera ku Joni kapena ku Kariakoo pa basi kapena thiraki sayenera kupitirira masabata awiri popanda chifukwa chomveka. Pali nyengo zinanso zodziwikiratu. Chaka chatsopano cha ku China chimagwa pakati pa kumapeto kwa Januwale ndi pakati pa Febuluwale, ndipo mafakitale ambiri amatseka masabata awiri kapena kuposerapo. Sabata loyamba la Okutobala nalonso ndi tchuthi kumeneko. Wamalonda wodziwa ntchito yake amakuchenjezani za zimenezi musanalipire, osati kudzazitchula ngati chodzikhululukira mwezi utatha. Zina n'zosayembekezereka ndithu: namondwe wa Idai anawononga Beira mu Malichi 2019, ndipo zipolowe za pambuyo pa chisankho ku Mozambique kumapeto kwa 2024 zinaimitsa mathiraki pa njira za kumeneko. Zikatero aliyense amamva pa wailesi, ndipo wogula wanzeru amapirira.

Funso limodzi lokha

Tibwerere kwa telala uja. Pa 14 Julayi mashini sanafike. Akaimba foni n'kufunsa kuti "Katundu wanga afika liti?" ayankhidwa kuti "Ali m'njira, mayi, musadandaule," ndipo yankho limeneli akhoza kulimva mpaka Khirisimasi. Funso loyenera ndi lakuti katunduyo ali pati lero, ndipo pali chiyani chosonyeza zimenezo.

Katundu amene alidi m'njira amasiya mapazi. Kontena iliyonse ili ndi nambala yake, zilembo zinayi zotsatiridwa ndi manambala asanu ndi awiri, ndipo makampani a masitima monga Maersk, MSC ndi CMA CGM amalola aliyense kulemba nambalayo pa tsamba lawo n'kuona tsiku limene kontena inakwera, doko limene ili ndi tsiku limene akuyembekezera kuitsitsa. Katundu wa pandege ali ndi nambala ya manambala 11 imene imagwira ntchito chimodzimodzi. Wamalonda wamng'ono mwina sakhala ndi pepala la sitima m'dzina lake, poti kontena ndi ya kampani yophatikiza katundu ija, koma kampaniyo imamupatsa lisiti losonyeza kuti yalandira makatoni angati, ndipo imamuuza nambala ya kontena katundu akapakiridwa. Chithunzi cha makatoni ali mulu si umboni, chifukwa chikhoza kukhala cha chaka chatha. Nambala ya kontena yokha nayo siitsimikiza kuti mashini anu alimo, n'chifukwa chake muyenera kuona pamodzi ndi lisiti limene lili ndi dzina kapena chizindikiro cha wamalonda wanuyo.

Tsono pali njira ziwiri. Tinene kuti wamalonda wapereka nambala, ndipo ikusonyeza kuti kontena inatsitsidwa ku Dar es Salaam pa 8 Julayi. Apa telala asaletse oda. Mashini afika kumapeto kwa Julayi kapena kumayambiriro kwa Ogasiti, nthawi yosoka ikadalipo. Kuchedwa kwa masabata awiri kapena atatu pa ulendo wa miyezi iwiri ndi theka si mlandu. Ine ndimaona kuti kuwonjezera gawo limodzi mwa magawo anayi a nthawi yolonjezedwa n'kwachilungamo, bola umboni ulipo ndipo tsiku latsopano lanenedwa. Kuumirira kuti ndalama zibwere pamene katundu ali pa thiraki n'kudzipweteka nokha, popeza wamalondayo ndalama zanu anazisandutsa kale mashini, ndipo adzakubwezerani pokhapokha atagulitsa kwa wina.

Koma tinene kuti yankho ndi lakuti, "Kontena ikudzaza, inyamuka sabata yamawa." Mawu amenewa akumveka ofatsa, koma tanthauzo lake n'lakuti patatha masabata khumi mashini akadali ku China, ngati anagulidwa n'komwe. Telala awerenge yekha: ngakhale kontena itanyamuka tsiku lomwelo, masabata 8 kuchokera pa 14 Julayi ndi pa 8 Seputembala. Makolo adzakhala atagula kale mayunifolomu kwina. Palibe chifukwa chodikira kuti Seputembala afike ndiye akwiye. Tsiku loletsa oda ndi lomwelo limene masamu asonyeza kuti katundu sangafike pa nthawi imene ankafunikira. Ndipotu akanafunsa nambala ya kontena kumayambiriro kwa Juni, sabata lachinayi kapena lachisanu, akanadziwa zimenezi mwezi wathunthu m'mbuyomo. Anthu timaopa kufunsa msanga, timati tingaoneke ngati sitikumukhulupirira munthu, makamaka akakhala wa kutchalitchi kwathu kapena mnzake wa mlamu. Koma wamalonda woona mtima sakhumudwa ndi funso limeneli, amangotumiza nambala.

Zizindikiro zina zimabwera pang'onopang'ono. Tsiku likasunthidwa kamodzi ndi chifukwa chomveka, palibe chodabwitsa. Likasunthidwa kachiwiri ndipo chifukwa chasintha, dzulo anali a MRA, lero ndi sitima, dziwani kuti nkhani ziwirizi sizingakhale zoona nthawi imodzi, pakuti katundu amene ali pamadzi sangagwidwe pa Songwe. Mukapemphedwa ndalama zina "zoombolera katundu" zimene sizinali m'pangano, funsani pepala la msonkho musanatumize kalikonse. Ndipo mukaona wamalonda akulengeza maoda atsopano tsiku ndi tsiku pamene akale sanafike, mwayi ndi waukulu kuti ndalama za atsopano zikutseka maenje a akale.

Zimene malamulo amanena

Kwathu kuno lamulo la kugulitsana katundu limati ngati wogulitsa ali ndi udindo wotumiza katundu ndipo tsiku silinatchulidwe, ayenera kutero m'nthawi yoyenera. Silitchula chiwerengero cha masiku, choncho zimene munalemberana ndi zimene zimalankhula. Bungwe la Competition and Fair Trading Commission limalandira madandaulo a ogula, ndipo khoti la majisitireti limaweruza milandu ya ngongole zotere. Konseko adzakufunsani zinthu zomwezo: munalipira zingati, liti, kwa yani, ndipo anakulonjezani tsiku liti. Pangano la pakamwa pa depoti silikuthandizani kwenikweni. Uthenga wa pafoni wonena mtundu wa katundu, mtengo, tsiku lofika ndi zimene zidzachitike likadutsa, ndi umboni wokwanira kuyambira.

Mayiko ena anaika nambala, ndipo n'zochititsa chidwi kuti nambalayo ndi imodzimodzi. Ku South Africa lamulo la malonda a pa intaneti la 2002 limati wogulitsa akwaniritse oda m'masiku 30 pokhapokha ngati munagwirizana zina. Akalephera, wogula akhoza kuthetsa pangano popereka chidziwitso cholemba cha masiku 7, ndipo ngati katunduyo kulibe, wogulitsa ayenera kunena msanga ndi kubweza ndalama m'masiku 30. Ku Britain lamulo la 2015 limaperekanso masiku 30, ndipo limasiyanitsa zinthu ziwiri: ngati munanena poyamba kuti tsikulo ndi lofunika, monga diresi laukwati, likadutsa mukhoza kuletsa nthawi yomweyo; ngati simunanene, mumayamba mwapereka tsiku lina loyenera, likadutsanso ndiye muletse. Ku America wogulitsa amene sanatchule nthawi ayenera kutumiza katundu m'masiku 30, ndipo akaona kuti achedwa ayenera kukuuzani ndi kukupatsani mwayi woletsa. Pa kuchedwa koyamba kosapitirira masiku 30, kukhala chete kwanu kumatengedwa ngati mwavomera kudikira, koma pa kuchedwa kwachiwiri ayenera kumva kuvomera kwanu, apo ayi abweze ndalama.

Malamulo amenewa amateteza abale athu amene akugula ali ku Joni, ku Leeds kapena ku Indiana, ndipo sagwira wamalonda wa ku Limbe. Komabe nzeru yake ndi yobwereka. Telala uja akanalemba pa tsiku lolipira kuti mashini akufunika asanafike 1 Ogasiti chifukwa cha mayunifolomu, ndipo akapanda kufika dipoziti ibwezedwe yonse, mkangano wa pambuyo pake ukanakhala waufupi.

Pali malire ena amene ogula amaiwala. Kuletsa chifukwa wogulitsa walephera n'kosiyana ndi kuletsa chifukwa mwasintha maganizo. Ngati nthawi yolonjezedwa sinathe ndipo mwangopeza mashini otchipa kwina, wamalonda ali ndi chifukwa chodula kenakake pa dipoziti, pakuti iye walipira kale katundu ndi malo m'kontena. Katundu wopangidwa mwapadera, monga mawindo a muyeso wa nyumba yanu kapena malaya osindikizidwa dzina la kwaya yanu, ndiye n'kovuta kwambiri kumukana, chifukwa palibe wina angamugule.

Wotchi yachiwiri

Pamene mukuwerenga masiku a sitima, palinso masiku ena amene akutha mwakachetechete: nthawi imene njira yanu yolipirira ingakuthandizeni kubweza ndalama. Amene analipira kudzera pa PayPal ali ndi masiku 180 kuchokera tsiku lolipira kuti adandaule kuti katundu sanafike. Amene analipira ndi khadi la Visa kapena Mastercard amadandaula kubanki yawo, ndipo nthawi yake kawirikawiri ndi masiku 120, owerengedwa kuchokera tsiku lolipira kapena tsiku limene katundu ankayenera kufika. Apa ndi pamene oda ya chinthu chimene sichinatuluke m'fakitale imaluma. Mwalipira mu Januwale chinthu chimene akuti chituluka mu Meyi, kenako asunthira ku Ogasiti. Mukavomera mwaulemu, masiku 180 akutha mu Julayi, ndipo kuyambira pamenepo mwatsala ndi chifundo cha wogulitsa. Choncho lembani tsiku limenelo pakalendala, ndipo kutatsala masabata awiri kapena atatu, ngati katundu sanatumizidwe, letsani kapena tsegulani dandaulo. Mukhoza kudzaodanso chinthucho chikatuluka. Masitolo ena akuluakulu satapa ndalama mpaka tsiku lotumiza, ndipo kwa otere kudikira sikukutayitsani kanthu.

Ambiri mwa ife timalipira pa Airtel Money, pa Mpamba kapena kutumiza ku akaunti ya munthu. Njira zimenezi zilibe chitetezo chotere: ndalama zikatapidwa, nkhani yatsala pakati pa inu ndi wamalonda. Chitetezo chanu ndi kuchepetsa zimene mwapereka. Pa katundu amene sitolo imagulitsa kale koma wangotha, sindiona chifukwa cholipirira zonse. Kadipoziti kosungitsa malo pamzere n'kokwanira, ndipo funsani kuti muli pa nambala yanji ndiponso akuyembekezera zingati. Ngati matumba akubwera 200 ndipo olembetsa ndi a matumba 500, tsiku limene thiraki ifike si tsiku lanu.

Kulinso mbali ina imene imakoka chingwe kubwerera. Ndalama zimene adzakubwezereni ndi makwacha, ndipo makwacha sadikira. Mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, dola imodzi kubanki inachoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Munthu amene analipira K1,180,000 mu Okutobala anapereka ndalama zokwana madola 1,000. Atabwezeredwa ndalama zomwezo mu Disembala analandira zosakwana madola 700. Izi zikutanthauza zinthu ziwiri. Ngati katundu anagulidwadi ndipo ali pamadzi, kumugwiritsitsa n'kopindulitsa kuposa kulandira makwacha. Ngati sanagulidwe, mwezi uliwonse umene mukudikira ukudya dipoziti yanu, ndipo wamalondayo adzabwera kudzakuuzani kuti mtengo wakwera, muwonjezere. Funsani musanalipire kuti mtengo ndi wokhazikika kapena uyenda ndi dola.

Kaletsedwe kake

Kuletsa oda sikufuna mawu aukali kapena kumuyalutsa munthu pagulu, zimene zimangomupatsa chifukwa chozimitsa foni. Kumafuna uthenga umodzi wolemba, wokhala ndi masiku ndi ndalama. Telala uja akhoza kulemba kuti: "Achimwene, pa 5 Meyi ndinalipira K1,680,000 ya mashini osokera, ndipo munati afika pasanadutse 14 Julayi. Lero mwandiuza kuti sananyamuke ku China, choncho sangafike pa nthawi ya ntchito yanga. Ndikuletsa odayi. Chonde mundibwezere ndalama zonse pofika pa 28 Julayi pa nambala yomwe ndinalipirira." Ngati nthawi ikadalipo ndipo simukufuna kuletsa msanga, uthengawo ukhale wopereka tsiku lomaliza: nambala ya kontena ibwere m'masiku 7, apo ayi oda yathetsedwa.

Wamalonda akhoza kupempha kubweza pang'onopang'ono. Nthawi zambiri kuvomera n'kwanzeru kuposa kuthamangira kukhoti, bola gawo loyamba libwere tsiku lomwelo ndipo masiku a magawo otsalawo alembedwe. Akhozanso kukupatsani katundu wina m'malo mwake, kapena kunena kuti ndalamazo zikhale za oda ina. Simukakamizidwa kulandira, ndipo kusiya ndalama kwa munthu amene walephera kale kamodzi n'kuyambiranso ulendo womwewo. Tsiku lobweza likadutsa popanda kanthu, tengani malisiti, mauthenga onse ndi chidziwitso chanu choletsa chija, mupite nazo ku bungwe loona za ogula kapena kwa kalaliki wa khoti la majisitireti. Kupolisi n'kopita pamene pali umboni wakuti munthuyo analandira ndalama alibe cholinga chogula katundu, monga dzina labodza, malisiti opeka, kapena anthu ambiri olira chimodzimodzi. Kuchedwa kokha ndi nkhani ya ngongole, ndipo apolisi akhoza kukubwezani kuti mukasume.